Kalata kwa ophunzira atsopano: zochita getsi lofiira likayaka pa dashibodi

Okondedwa ophunzira,

Takulandirani. Musanafike pa phunziro la mawa, werengani kalatayi modekha. M'masabata oyamba maso anu amakhala pa msewu, pa akabaza ndi pa maminibasi, ndipo mpake. Koma kuseri kwa chiwongolero kuli timagetsi timene galimoto imakuuzirani za m'thupi mwake. Timagetsito n'tambiri, koma ine ndikhazikika pa anayi ofiira: la oilo, la kutentha kwa injini, la batire ndi la mabuleki. Amenewa ndiwo amapha injini kapena munthu, ndipo lililonse lili ndi zake zochita.

Yambani ndi mtundu wa getsi, chithunzi chake chibwere pambuyo. Lobiriwira ndi labuluu amangokuuzani chimene chayatsidwa, monga indiketa kapena magetsi akuluakulu a usiku. Lachikasu likutanthauza kuti china chake sichili bwino, mutha kufika kumene mukupita mosamala koma muonane ndi makaniko posachedwa. Lofiira likutanthauza kuti muchitepo kanthu pompano, ndipo nthawi zambiri chochitacho ndi kuima. Ngakhale mutakwera galimoto yochokera ku Japan imene mawu ake pa dashibodi simutha kuwawerenga, mitunduyi ndi imodzimodzi.

Kuyesa magetsi musanalize injini

Chizolowezi choyamba chimene ndikufuna chilowe m'magazi mwanu ndi ichi. Pindani kiyi mpaka pa ON, osafika pa START, ndipo muime pomwepo. Ngati galimoto ndi yodina batani, dinani kawiri phazi lili kutali ndi buleki. Magetsi onse ochenjeza ayaka pamodzi. Apa galimoto sinawonongeke ayi, ikungokuonetsani kuti magetsiwo ndi amoyo. La ABS, chipangizo choletsa matayala kukhuluzika poponda buleki, ndi la eyabagi azima okha pakapita masekondi ochepa. La oilo, la batire ndi lachikasu lachithunzi cha injini adikira mpaka injini italira, kenako azima. La mabuleki lizima mukatsitsa handibuleki.

Anthu ambiri amangoyang'ana getsi limene lakana kuzima, kuiwala limene lakana kuyaka. Chachiwirichi n'choopsa kwambiri. Getsi la oilo likapanda kuyaka pa ON, ndiye kuti tsiku limene oilo adzathe simudzachenjezedwa. Mwina babu lapsa, mwina waya wathothoka, komanso pali ogulitsa galimoto zakale ena amene amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda mkati kuti wogula asaone vuto. Tsiku limene mudzapite kukagula galimoto yanu, dzayambeni ndi mayeso amenewa musanasirire penti.

Getsi la oilo

Chithunzi chake chili ngati kaketulo kodontha dontho limodzi. Ambiri amaganiza kuti limanena kuti oilo wachepa pang'ono, akathira akafika kunyumba. Si choncho. Lofiirali limanena kuti oilo sakupopedwa ndi mphamvu yokwanira kufika pa zitsulo zozungulira za mkati. Injini ikamayenda pa 2,000 kapena 3,000 pa geji ija ya RPM, ndiye kuti chitsulo chachikulu cha m'kati chikuzungulira maulendo 33 mpaka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo chimayandama pa kaoilo kopyapyala kuposa pepala. Oilo akasowa, chitsulo chimakhuzana ndi chitsulo chinzake, mabering'i amasungunuka, injini n'kunoka. Izi sizitenga ola. Mphindi imodzi kapena ziwiri zimakwana.

Choncho likayaka mukuyenda, chotsani phazi pa moto, yatsani indiketa ya kumanzere, yang'anani pa galasi kuopa wa njinga amene ali m'mbali, patukani, imani, zimitsani injini. Musazimitse galimoto ikuyendabe, chifukwa chiwongolero chimalemera, mabuleki amauma mukaponda kangapo, ndipo kiyi akafika pa LOCK chiwongolero chimakiyika. Mukaima yatsani mahazadi ndi kuika mathirayango, lina kumbuyo lina kutsogolo. Ngakhale zitakuchitikirani pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe, anthu akuimba mabelu kumbuyo kwanu, kuli bwino kupempha anthu akukankhireni pambali kusiyana ndi kuyendetsa mpaka ku Biwi kwa amakaniko.

Kenako suzumirani pansi. Mukaona oilo akuchucha kapena mzere wakuda ukukutsatirani mumsewu, sampu, mbale ya pansi pa injini yosungira oilo, yabooka, mwina mwagunda mwala kapena hampu, kapena bawuti yotsekera oilo sinamangidwe bwino pa sevisi. Pamenepo musalizenso injini, funani yokukokani. Ngati pansi pali pouma, dikirani mphindi zisanu kuti oilo atsikire pansi, galimoto ili pamalo athyathyathya. Tsegulani boneti, sololani dipisitiki, kachitsulo katali koyezera oilo, ipukuteni ndi kansalu, ibwezereni mpaka kumapeto, muisololenso. Muwerenge ulendo wachiwiriwu. Kunsonga kwake kuli timadontho kapena timizere tiwiri, ndipo oilo ayenera kukhala pakati pake. Pa galimoto zambiri zazing'ono, kuchoka pa kadontho kam'munsi kufika pa kam'mwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Ndiye dipisitiki ikatuluka youma gwa, mwasowa oilo woposa lita.

Thirani theka la lita, dikirani pang'ono, yezaninso, mpaka afike pakati kapena pafupi ndi kadontho kam'mwamba. Musapitirize, chifukwa oilo wochuluka amachita thovu ndi kuphulitsa masilo. Mtundu wa oilo, monga 5W-30, umalembedwa m'buku la galimoto, nthawi zina pa chitsekerero chomwe. Mukamaliza lizani injini maso ali pa getsi. Likazima m'masekondi atatu kapena asanu ndipo injini ikulira bwinobwino popanda kugogoda, pitani pang'onopang'ono kwa makaniko akafufuze kumene oilo anapita. Likakana kuzima, zimitsani.

Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi apa: ayeza, apeza oilo ali wodzaza, ndiye akuti getsi likunama. N'zoona kuti kachipangizo koyeza mphamvu ya oilo kamafa nthawi zina. Koma oilo wodzaza ndi getsi loyaka zimatanthauzanso kuti pampu ya oilo yatopa, kapena kasefa ka m'sampu katsekeka ndi phala la oilo wakale. Ndi maso okha simungasiyanitse. Makaniko amachotsa kachipangizoko n'kulumikiza geji yoyezera, ndipo yankho limatuluka pomwepo. Mtengo wokokera galimoto sungafanane ndi wa injini. Komanso getsi likamaphethira pokhota kapena poponda buleki, oilo watsala pang'ono kwambiri moti akuthawira mbali imodzi. Likamaphethira injini itatentha mutaima pa maloboti, n'kuzima mukaponda moto, mabering'i kapena pampu zayamba kutha.

Getsi la kutentha

Ili ndi chithunzi cha choyezera kutentha choviikidwa m'mafunde. Galimoto zambiri zazing'ono zimene zadzaza mu Lilongwe, monga Vitz, Sienta ndi Fit, zilibe geji ya singano, zili ndi getsi lokha. M'mawa wa mu Juni limayaka labuluu kapena lobiriwira. Limenelo lisakudetseni nkhawa, likungonena kuti injini ikadali yozizira, yendani mofatsa ndipo lizima lokha. Lofiira ndiye la injini yotentha mopitirira, ndipo pa galimoto zina limayamba ndi kuphethira lisanayake kotheratu.

Nthawi yake yeniyeni ndi mu Okutobala masana, mutakakamira pa mzere ku Malangalanga, kapena mukukwera mtunda ndi katundu. Zimitsani eyakoni msanga. Tsegulani mawindo ndi kuyatsa hita mpaka kumapeto. Mutuluka thukuta, koma hita imakoka kutentha kuchoka mu injini, ndipo ikupatsani mpata wofika pamalo oimapo. Mukaima n'kuona nthunzi ikutuluka ku boneti kapena madzi akuchucha, zimitsani pomwepo ndipo musatsegule boneti mpaka nthunzi ithe. Ngati palibe nthunzi, tsegulani boneti muone ngati fani ikuzungulira, manja ndi zovala zili kutali. Fani ikangokhala phee injini itatentha chonchi, zimitsani, vuto mwalipeza: fyuzi, rileyi kapena mota ya fani.

Tsopano mvetserani bwino. Musakhudze chitsekerero cha rediyeta. Madzi a mkatimo ndi opanikizika, ndipo n'chifukwa chake amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukatsegula, amawira onse nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso ndi m'mikono. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani mphindi zosachepera 30. Finyani paipi yaikulu yam'mwamba ndi kansalu, ndipo ikakhala yolimba ngati tayala la njinga, dikiranibe. Ikafewa, phimbani chitsekerero ndi nsalu yokhuthala, pindani pang'ono chabe, mpweya utuluke, kenako mutsegule. Madzi ozizira othira mu injini yotentha, kapena kuwaza pamwamba pake, amatha kupinditsa kapena kung'amba hedi, chigawo cha pamwamba cha injini.

Pangozi madzi wamba oyera amathandiza kuti mufike, koma asakhalitsemo. Amachititsa dzimbiri, ndipo a pa mjigo ena amasiya zoyerayera zotseka timipaipi ta rediyeta. Choyenera ndi kulanti, wosakaniza kale kapena wosakaniza theka ndi theka monga botolo lanenera. Ndipo madzi satha okha. Ngati anachepa, pali podontha, kaya paipi, rediyeta, pampu ya madzi kapena chitsekerero chotopa. Makaniko akakuuzani kuti angochotsa themositati, kotsegula ndi kutseka njira ya madzi, kuti vuto lithe, kanani. Injini idzayenda yozizira, idzamwa mafuta ambiri, ndipo chimene chinayambitsa vutolo chidzakhala chikadalipo. Pambuyo pa kutenthaku, mukaona utsi woyera wosatha ku ekizozi, thovu m'rediyeta, kapena oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, gasiketi ya pakati pa hedi ndi thupi la injini yapsa.

Getsi la batire, ndi chitsanzo cha pa msewu wa Salima

Chithunzi chake ndi batire lokhala ndi + ndi -, koma kawirikawiri wolakwa si batire. Ntchito yaikulu ya batire ndi kuliza injini. Ikalira, magetsi onse amachokera ku alitaneta, imene imazunguzidwa ndi lamba uja timati fanibeluti. Getsi likayaka mukuyenda, alitaneta yasiya kutchaja, ndipo galimoto ikudya nkhokwe ya m'batire.

Tiyerekeze kuti mukuchokera ku Salima madzulo, mwatsala ndi makilomita 25 kuti mulowe mu Lilongwe, ndipo getsi la batire layaka. Funso loyamba si loti batire likufikitsani kapena ayi. Funso ndi loti lamba alipo kapena waduka. Pa galimoto zambiri lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi, ndipo pa zina amazunguza ndi pampu yofewetsa chiwongolero. Ngati munamva kulira kwa tswiii kapena chinthu chikumenya pansi pa boneti, chiwongolero n'kulemera mwadzidzidzi, ndiye kuti lamba wapita, ndipo getsi la kutentha likutsatira m'mphindi zochepa. Wongoganiza za batire n'kuthamanga kuti afike msanga amafika ndi gasiketi yopsa, pamene chinaduka chinali lamba wotchipa.

Ndiye patukani pamalo oonekera bwino, injini muisiye ikulira, kokani handibuleki, tsegulani boneti ndipo muwalitse tochi ya foni m'mbali mwa injini muli chapatali. Mukaona mawilo a lamba ali okhaokha, kapena lamba akulendewera ngati chiguduli, zimitsani ndipo ulendo wathera pomwepo mpaka lamba wina apezeke. Mukaona lamba akuzungulira bwino, vuto lili mu alitaneta, m'mawaya ake kapena fyuzi yake, ndipo mutha kupitirira. Ichi n'chifukwa chake ndati muyambe mwayang'ana injini ikulira: sitata imadya magetsi ambiri, ndipo galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha.

Zimitsani eyakoni, fani ya mkati, wailesi ndi chotenthetsa galasi lakumbuyo, ndipo zulani tchaja ya foni. Batire labwino masana likhoza kukuyendetsani theka la ola kapena kuposerapo. Usiku magetsi akutsogolo atayaka, kapena m'mvula mawaipa akugwira ntchito, nthawiyo imafupika kwambiri, ndipo batire lokalamba silingadalirike n'komwe. Makilomita 25 pa liwiro la 60 ndi mphindi 25, ndiye muli m'malire enieni. Magetsi akutsogolo musazimitse pofuna kusunga batire, msewu umenewo uli ndi anthu oyenda pansi ndi njinga zopanda nyali. Mukaona magetsi akuyamba kufiira, mawaipa akuyenda mwaulesi, la ABS ndi ena akuyaka okha, chiwongolero chamagetsi chikulemera, imani pa malo oyamba amene pali anthu ndi kuwala, injini isanazime yokha pakati pa msewu.

Kwa makaniko, mayeso ake ndi a mphindi imodzi ndi mita yoyezera magetsi. Injini itazima, batire lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Injini ikulira, liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likangokhala pa 12 kapena kutsika, alitaneta siikutchaja, ndipo kugula batire latsopano n'kutaya ndalama. Wina akafuna kuyesa pozula teminolo ya batire injini ikulira, mukanizeni. Njira imeneyo inali ya galimoto zakale, pa zamakono imatha kuotcha kompyuta.

Getsi la mabuleki

Ili ndi chizindikiro cha ! mkati mwa bwalo, pena pamalembedwa BRAKE. Kwa inu ophunzira, nthawi zambiri chifukwa chake ndi handibuleki imene simunatsitse mpaka pansi. Yambani ndi kuona imeneyo. Mukayenda nayo yokoka, mumva fungo la chinthu chopserera kumbuyo ndipo galimoto imalemera.

Handibuleki ili pansi koma getsi likadali loyaka, mafuta a mabuleki achepa. Chepetsani liwiro, siyani mpata waukulu kutsogolo, imani. Kathanki kake n'koonekera mkati, kali pansi pa boneti mbali ya dalaivala, ndipo kali ndi mizere ya MIN ndi MAX. Mafutawa amatsika pa zifukwa ziwiri. Mapadi akamatha amatsika pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo mankhwala ake ndi kusintha mapadi, osati kungothira. Kapena pali podontha. Kuti musiyanitse, injini ikulira pondani buleki mwamphamvu ndi kugwira kwa masekondi 30. Ikakhala yolimba pamalo amodzi, pitani mofatsa kwa makaniko lero lomwe. Ikamamira pang'onopang'ono, kapena ikakhala yofewa ngati siponji, kapena mwaona kunyowa mkati mwa tayala, galimotoyo isayendenso. Ngati mukuwonjezera, thirani mtundu wolembedwa pa chitsekerero, DOT 3 kapena DOT 4, wa m'botolo losatsegulidwa kale, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi. Oilo wa injini asalowemo ngakhale dontho, amatupitsa malabala onse.

La ABS likayaka lokha, mabuleki akugwirabe, koma mukaponda mwadzidzidzi pa msewu wonyowa kapena wa miyala matayala atha kukhuluzika. Likayaka limodzi ndi lofiira la mabuleki, imani. Dziwaninso kuti pa galimoto zina za ku Japan, alitaneta ikafa getsi la mabuleki limayakira limodzi ndi la batire. Awiriwa akabwera nthawi imodzi, yesanibe buleki, koma mukaikire kwambiri lamba ndi alitaneta.

Pang'ono za achikasu

Lachithunzi cha injini likayaka osaphethira, galimoto n'kumayenda bwino, pitani m'masiku ochepa kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera. Amalumikiza pansi pa chiwongolero ndipo pamatuluka nambala, monga P0301, kutanthauza kuti silinda yoyamba ikudumphitsa moto. Lembani nambalayo. Musalipire munthu wongofufuta getsi, chifukwa libweranso. Likamaphethira injini ikunjenjemera, petulo wosapsa akupita ku ekizozi ndipo aotcha chosefera utsi chodula, choncho chotsani phazi pa moto ndi kuima msanga. Kawirikawiri ndi pulagi kapena koilo.

Amene mudzayendetse za dizilo, kagetsi kooneka ngati waya wopotana kazime kaye musanalize. Kena kachithunzi cha fyuluta ndi madontho kamanena kuti m'fyuluta ya dizilo mwadzaza madzi, ndipo akhetsedwe msanga asanafike ku pampu. Amene munagula mafuta a m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, kayang'anireni kawirikawiri kameneka.

Mawa mufike mphindi khumi nthawi isanakwane, mutatenga kansalu kakale. Aliyense adzapinda kiyi mpaka pa ON, adzaloza magetsi anayi ofiirawa ndi chala n'kunena zochita pa lililonse, kenako adzatsegula boneti yekha, kuyeza oilo, ndi kundionetsa lamba, chitsekerero cha rediyeta ndi kathanki ka mafuta a mabuleki. Tikatero ndiye tidzatuluka pa geti.

Ndine,
Mphunzitsi wanu